Kodi ndiwerenge nthawi yanji pomwe aliyense akundituma?

Alangizi, ndimagwira ntchito m'sitolo ina ku Fordsburg, mumzinda wa Johannesburg, ndipo ndikuchita maphunziro awiri ku UNISA, yunivesite yophunzira uli kunyumba, semesita ino. Ndikangotsegula buku madzulo, foni imayamba: amalume akufuna ndiwafunsire mtengo wa makina osokera, amayi akuti nditumize ndalama, akumpingo akufuna mayina a anthu osonkha za maliro. Kukana sindingathe, koma asayimenti yapitayi ndinapereka mochedwa. Ndichite bwanji?

Wophunzira wa ku Rosettenville

Achemwali, tiyambe ndi kuwerengera maola, chifukwa munthu amene sadziwa kukula kwa munda wake sangadziwenso pamene mbuzi zalowera. Maphunziro ambiri a digiri yoyamba ku UNISA amakhala a makirediti 12, ndipo kuno ku South Africa kirediti imodzi imayimira maola 10 a kuwerenga, kulemba ndi kukonzekera mayeso. Choncho phunziro limodzi ndi maola 120, ndipo mukawagawa pa masabata pafupifupi 15 mupeza maola 8 pa sabata. Inu muli ndi awiri, ndiye kuti mukufunika maola 16: mwachitsanzo maola awiri madzulo aliwonse kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, maola anayi Loweruka ndi awiri Lamulungu. Ndandanda yotere ilibe mpata ngakhale pang'ono, n'chifukwa chake uthenga umodzi wa amalume umagwetsa usiku wonse.

Chimene chikusowa ndi zinthu ziwiri zoyendera limodzi: kabuku kolembamo zopempha za anthu, ndi mpata wa zadzidzidzi, umene ndi nthawi yoikiratu padera yochitira zomwe zalembedwazo.

Kabukuko kakhale kamodzi kokha, kapepala, ndipo kazikhala pambali pa buku limene mukuwerenga. Sindikulimbikitsani kulemba mufoni, popeza mukaitsegula kuti mulembe mzere umodzi mupezanso mauthenga ena asanu akukudikirirani. Pempho likafika, kapena mukakumbukira nokha kuti magetsi atsala pang'ono kutha mumita, lembani mzere umodzi wokhala ndi zinthu zitatu: wapempha ndani, chochita chenicheni n'chiyani, ndipo chikufunika liti. Kulemba kuti “amalume” basi sikuthandiza, chifukwa mutu upitiriza kufunsa kuti amalume atani. Lembani kuti “amalume, kufunsa mtengo wa makina osokera m'masitolo awiri, Loweruka”, kenako bwererani pa tsamba limene munali. Wofufuza wina, Sophie Leroy, anasonyeza mu 2009 kuti munthu akasiya ntchito yosatha n'kuyamba ina, mbali ya maganizo ake imatsalira ku yoyambayo. Mzere wolembedwa bwino umapepuza katundu ameneyu, chifukwa nkhaniyo yapeza poikhazika ndipo simukuopanso kuiwala.

Funso limene ambiri amalakwitsa ndi la kukula kwa mpata. Musaganizire chabe, yezani. Sabata yoyamba musasinthe kanthu, koma pambali pa pempho lililonse lembani mphindi zimene latenga kufikira litatha. Tiyerekeze kuti pofika Lamulungu mwapeza zopempha 14. Mwa izi, 11 ndi za pafoni, monga kutumiza ndalama pa Mukuru, kuyankha gulu la kumpingo ndi kufotokozera msuweni za mitengo ya nyumba, ndipo zonse pamodzi zatenga maola awiri. Zitatu zotsalazo ndi zoyenda ndi miyendo: kukwera takisi kupita m'tauni, kufunsa mitengo, kukapereka katundu ku basi ya kumudzi, ndipo zadya maola atatu. Apa mwadziwa kuti mukufunika mipata ya mitundu iwiri. Maola awiri aja mukawagawa pa masiku asanu ndi mphindi 24 pa tsiku, ndiye ikani theka la ola kuti pakhale kotsala. Zoyenda zonse muzisonkhanitsire ulendo umodzi wa Loweruka masana, mutatha kale maola anu anayi a m'mawa, ndipo mupulumutsanso ndalama ya takisi.

Ine ndimalangiza kuti theka la olali libwere pambuyo pa kuwerenga. Mukawerenga kuyambira 7 koloko mpaka 9 koloko, mpata ukhale kuyambira 9 koloko mpaka 9:30. Mukauika patsogolo udzasefukira, chifukwa kucheza ndi amayi sikutha pa mphindi imene mwaikonza, ndipo wolipira adzakhala buku lanu. Ubwino wake, nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi, choncho mukanena 9 koloko palibe amene angasokonezeke. Ngati akuluakulu akumudzi amagona msanga, alonjezeni nthawi yopuma masana ya tsiku lotsatira.

Lonjezo limeneli ndilo limachititsa kuti njirayi igwirizane ndi ulemu wathu. Akale anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, koma ine ndikuti musangoviika n'kukhala chete, chifukwa amalume osayankhidwa adzaimba kanayi ndipo kuwerenga kudzathera pomwepo. Akuluakulu auzenitu kuti pakati pa 7 ndi 9 koloko mumakhala m'kalasi, popeza imeneyo ndi kalasi ndithu ngakhale ili m'chipinda chanu. Wina akakupezani, yankho lake ndi lalifupi: “Ndamva amalume, ndalemba, ndidzakuuzani mtengo Loweruka madzulo.” Munthu amene wapatsidwa tsiku amadikira, makamaka akaona kuti ulendo wapitawo munasunga mawu anu.

Pali zinthu zosalembedwa m'kabuku: matenda aakulu, zovuta, ngozi, kapena abwana kusintha nthawi yolowera mawa. Izi zimadula kuwerenga ndipo palibe chodandaula. Poyesa, dzifunseni ngati pali chimene chiwonongeke nkhaniyo ikadikira maola awiri. Mayina a osonkha sangawole pofika 9 koloko. Mafoni ambiri ali ndi `Do Not Disturb`, imene imalola kuti musankhe anthu ochepa amene foni yawo ingalire, monga amayi ndi abwana, ena onse n'kukhala chete mpaka mwamaliza.

Nthawi ya mpata ikakwana, werengani kabuku konse musanachite chilichonse, kenako yambani ndi chimene tsiku lake layandikira. Mzere uliwonse utuluke ndi chigamulo: wachitika, waikidwa pa Loweruka, wapatsidwa munthu wina, kapena wakanidwa mwaulemu. Mzere ukasamuka katatu osachitika, dziwani kuti mtima wanu unakana kale, ndipo ndi chilungamo kumuuza mwiniwake kuti afunefune wina nthawi ikadalipo, kusiyana n'kumusunga ndi chiyembekezo. Mpata ukasefukira masiku atatu otsatizana, musabe nthawi ya tulo, chifukwa m'mawa mukuimirira m'sitolo tsiku lonse. Onaninso kabukuko, ndipo kawirikawiri mudzapeza kuti mizere yambiri ndi ya munthu mmodzi kapena gulu limodzi. Pamenepo chofunika ndi kukambirana, mwina kupempha akumpingo kuti ntchito yolemba mayina aipereke kwa wina mpaka mayeso atadutsa.

Tsiku limene kabuku kali kopanda kanthu, gwiritsani ntchito theka la olalo kubweza kuwerenga kumene kunaduka, kapena gonani msanga, koma musalilembere ntchito pasadakhale, chifukwa mpata wodzazidwa kale si mpatanso. Ndipo pa asayimenti yotsatira, lembani m'kabuku komweko tsiku lanulanu loipereka pa tsamba la pa intaneti la myUnisa, masiku awiri tsiku lomaliza lisanafike, kuti magetsi akazima kapena kumudzi kukagwa zovuta mukhale ndi pothawira.