Banki ikagwa ku Joni, ndalama zanga zitha?

"Ndimagwira ntchito ku Joni. Ndili ndi R130,000 m'maakaunti awiri a banki imodzi. Itagwa, ndiye kuti basi zapita?"

Achimwene, sizingapite zonse, koma momwe mwasungiramu pali gawo lomwe lili pamtetete.

Kuyambira pa 1 Epulo 2024, ku South Africa kuli bungwe la CODI, lomwe lili pansi pa banki yaikulu ya dzikolo. Banki ikagwa, bungweli limabweza mpaka R100,000 kwa munthu aliyense pa banki iliyonse. Simulembetsa, ndipo amene amasonkha ku thumbali ndi mabanki eni ake.

Pomwe ambiri amasokonekera ndi apa: malirewo amawerengera munthu, osati akaunti. Tinene kuti akaunti yolandirira malipiro ili ndi R60,000, ina yosungira ili ndi R70,000. Amaziphatikiza kukhala R130,000, n'kukupatsani R100,000. R30,000 yotsalayo mumakaidikira kwa amene akugulitsa katundu wa bankiyo, ndipo ikhoza kubwera mochedwa, yoperewera, kapena osabwera n'komwe. Ndalama ya thukuta, yomwe mwina mukufuna kukamangira nyumba kumudzi, kuisiya choncho ine sindingalole.

Ndikadakhala inu, ndikadasamutsa R40,000 kupita ku banki ina. Kuno kutsala R90,000, zonse zili mkati mwa malire, ndi mpata wa chiwongoladzanja pamwamba.

Dziwaninso kuti masheya ndi ndalama za kripito sizili m'chitetezochi. Ndipo pasipoti kapena nambala ya foni ikasintha, kauzeni a kubanki msanga, chifukwa pobweza amatsata zomwe zili m'mabuku a bankiyo.