Kukweza oda yochepetsetsa popanda kuthamangitsa makasitomala

"Achimwene, ndimagulitsa mpunga wa m'mapaketi a makilogalamu 5, ndipo ndimawatumizira pa kabaza a magolosale a ku Chinamwali, Matawale ndi Chikanda. Pano amatha kuitanitsa mapaketi 4, koma ndikufuna azitenga osachepera 10. Ndiwauze bwanji kuti asandithawe?" Akufunsa motero mayi wina wa ku Mpondabwino, mumzinda wa Zomba.

Mayi, musanalembe uthenga, tengani kope muwerengere ulendo umodzi. Tinene kuti paketi iliyonse imakupatsani phindu la K1,000, ndipo wa njinga yamoto amakulipiritsani K3,000 kukafika ku Chinamwali. Pa mapaketi 4 mumatsala ndi K1,000 yokha, osawerengera mayunitsi omwe mwathera pomulondolera njira. Pa mapaketi 10 mumatsala ndi K7,000, kabaza yemweyo, ulendo womwewo. Chifukwa chanu ndi chimenechi, ndipo wa golosale aliyense achimva, poti nayenso amakwera kabaza. Phindu lanu musawauze, ingotchulani za mayendedwe.

Chimene ndikukuletsani ndi mawu aja akuti "tachita izi pofuna kukutumikirani bwino". Ine wina anandilemberapo zotero pokweza oda ya mazira, ndinangoseka n'kukagula kwina. Munthu amene mukumuuza kuti atsekere mpamba wake mu mpunga amadziwa kuti wopindula ndinu.

Uthengawo ukhale waufupi, wotere: "Bambo, kuyambira pa 1 mwezi wamawa, oda yobweretseredwa pa golosale izikhala mapaketi 10 kupita m'tsogolo, chifukwa mtengo wa kabaza ndi umodzimodzi kaya anyamule 4 kapena 10. Mtengo wa paketi sunasinthe. Mukafuna ochepa, mutha kudzatenga nokha kuno, kapena kuphatikiza oda ndi anzanu oyandikana nawo." Muutumize kutatsala masabata atatu kapena anayi, ndipo tsiku loyambira likhale la kumathero kwa mwezi kapena pa 1, anthu atalandira malipiro, katundu akuyenda. Musakweze mtengo mwezi womwewo; ziwirizi zikabwera limodzi amangoona ngati mwawadyera masuku pamutu.

Makasitomala anu akalekale asamve pa WhatsApp. Pitani nokha, mukhale pa benchi, mufunse kuti mapaketi 4 amawathera masiku angati. Amene amamaliza pa sabata imodzi, 10 sangamuvute. Koma amene amatha nawo mwezi wathunthu adzakhala ndi mpunga miyezi iwiri ndi theka, ufumbwe pa shelefu, ndipo mlandu udzakhala wanu. Ameneyo musamukakamize, azidzatenga yekha.

A ku Chikanda muwaganizire mwapadera. Malonda awo amadalira ophunzira a ku Yunivesite ya Malawi, ndiye sukulu ikatsekera mashelefu sayenda. Auzeni pasadakhale kuti nthawi ya tchuthi mudzalola mapaketi 5, bola oda zonse za kumeneko zizipita tsiku limodzi, pa kabaza mmodzi.