Kodi de Jong apite pa D kapena pa J?

"Zikomo, ndikumaliza mndandanda wa malifalensi a pepala langa koma ndasokonezeka. Mayina ngati de Jong ndi van Dijk ndiwaike pati, nanga a kamzere pakati ngati Mwale-Phiri? Komanso ndili ndi lipoti lina lopanda dzina la wolemba. Tikugwiritsa APA."

Zikomo achimwene polemba. Chinthu choyamba chomwe ndimauza aliyense nchakuti mndandandawo si wanu, ndi wa munthu amene akuwerenga, waona dzina ndi chaka mkati mwa nkhani ndiye akuthamangira kumapeto kukalifuna, ndipo akafufuza ndi chilembo chomwe wachiona poyamba. Ndiye ngati mkatimo munalemba (de Jong, 2018), kumapeto akhale pa D basi. Mukamuika pa J wowerenga aziganiza kuti mwamuiwala.

APA ya nambala 7 imati tsatani chilembo ndi chilembo, sipesi komanso kamzere muzichita ngati palibe. Ine ndimatenga pepala lapadera, nkumata mayinawo pamodzi, dejong, devries, kenako nkumafananiza. Zimatuluka chonchi:

```
Deaton
de Jong
Dembo
de Vries
```

Taonani, awiri a "de" aja asiyana, Dembo walowa pakati, chifukwa pa chilembo chachitatu zikuyenda a, j, m, v. Mukaona a "de" onse aunjikana pamodzi pamwamba pa D dziwani kuti amene anasanja anawerengera sipesi, ndipo kawirikawiri imakhala kompyuta osati munthu. Chilembo chaching'ono cha "de" chisiyeni momwe mwini wake amalembera, sichisintha malo.

Pano pali poti musamale. Mukatsegula buku lina nkupeza van Dijk ali pa D, si kuti alakwitsa ayi. Ku Netherlands mwambo wawo ngwakuti "van" samuwerengera posanja, pomwe ku Belgium amamuwerengera nkupita pa V, ndipo masitayilo ena monga Chicago amayang'ana chilankhulo cha dzinalo komanso mmene mwini wake amadziwikira, nchifukwa chake Beethoven mumamupeza pa B ngakhale ali ndi "van". Harvard nayo ilibe buku limodzi la malamulo, sukulu iliyonse ili ndi yake, choncho wa Harvard afunse kaye asupavaiza. Koma inu a APA, van Dijk ndi vandijk, pa V. Chimodzimodzi Mac ndi Mc, musaziphatikize ngati nchimodzi, MacDonald amabwera kaye, Madise pakati, McDonald pambuyo.

Za kamzere nzosavuta, ndi dzina limodzi, mumayambira mbali yoyamba ndipo musalidule.

```
Mwale
Mwalenga
Mwale-Phiri
```

Mwale ali pamwamba poti dzina likathera panjira limatsogola kuposa lomwe likupitirira, kenako n amabwera p asanafike. Ndipo mkati mwa nkhani mulembe Mwale-Phiri yense, osati Phiri yekha, ndi dzina la munthu limenelo.

Tsopano lipoti lanu lija, apa ndi pomwe ambiri amagwa. Musanati lilibe wolemba taliyang'anitsitsani pachikuto, tsamba lachiwiri komanso pansi penipeni, chifukwa nthawi zambiri bungwe lomwe latulutsa ndiye wolemba wake. Ngati ndi World Health Organization, dzina limenelo likhale pamalo a wolemba, pa W. Mukaona kuti kulibedi munthu kulibenso bungwe, ndiye mutu wa lipotilo umasunthira kutsogolo, chaka nkubwera pambuyo pake, ndipo posanja mumadumpha timawu A, An ndi The koma polemba musatichotse. Tiyerekeze mutu uli chonchi:

```
The yearly rainfall summary. (2021).
```

Umenewu upita pa Y, osati pa T, ndipo ulowe mu mndandanda womwewo pakati pa mayina a anthu, musaupangire malo akeake pansi. Mkati mwa nkhani mumatchula mawu oyamba a mutuwo ndi chaka kuti wowerenga akaupeze. Mutu ukayamba ndi nambala, mumausanja ngati nambalayo yalembedwa m'mawu a chilankhulo cha mutuwo, ndiye mutu wachingerezi woyamba ndi 10 upita pa T.

Chomwe ndikupempheni, musalembe Anonymous pongoti dzina simunalipeze. Mu APA mawu amenewa amalowa pokhapokha ntchitoyo yasainidwa choncho, ndiye imapita pa A ngati dzina lenileni.

Ngati mukugwiritsa Zotero, pulogalamu ija yosunga ndi kusanja malifalensi, mndandanda ukatuluka mokhota yang'anani mmene munalowetsera dzina. Bungwe liikeni mu bokosi limodzi, apo ayi World Health Organization ituluka Organization, W. H. nkukakhala pa O, ndipo "de" akhale mu bokosi la dzina la bambo pamodzi ndi Jong. Mukakonza pamenepo mutulutsenso mndandanda, kenako muone D, M ndi V ndi maso anu musanapereke pepalalo.