Chogwirira n'cholimba ngati khoma lake ndi lolimba

"Ndili ku Joni, koma amayi anga a zaka 78 ali kwathu ku Zomba. Nyamakazi yawagwira maondo ndi zala. Mng'ono wanga akuti podzuka pachimbudzi amakoka kachitsulo koyanikapo thaulo, ndipo loko wobulungira wa kuchipinda kwawo akumalephera kupotokola. Kuno ndaona zogwirira zongomata pakhoma, zosafuna kuboola. Ndigule zimenezi nditumize pabasi?"

Ayi achemwali, zimenezo zisiyeni m'shopu momwemo. Zimagwira ndi mphira wokoka mpweya, ndiye zimafuna tailosi yosalala ngati galasi, yaikulu mokwanira kuti mphirawo usakhudze mzere wa pakati pa matailosi. Pa pulasitala wopaka penti sizigwira n'komwe. Ngakhale pamene zagwira, mpweya umalowa pang'onopang'ono osaoneka, ndipo tsiku lomasuka silidziwika. Munthu akazolowera chinthu amachitsamira ndi thupi lonse, choncho chogwirira chonama chimagwetsa moipa kuposa khoma lopanda kanthu. Kachitsulo ka thaulo kajanso n'chimodzimodzi: kanapangidwira nsalu, timasikuluwu take n'tating'ono. Tsiku loika chogwirira chenicheni kachotsedwe, kuti dzanja lisamapiteko mwachizolowezi.

Musanagule kalikonse, muuzeni mng'ono wanu atenge choko. Amayi akhale pachimbudzi atavala bwinobwino, chivindikiro chili chotseka, kenako adzuke monga amadzukira masiku onse. Pamene dzanja lawo lafika palembedwe. Achite chimodzimodzi polowa m'bafa ndi pa sitepe ya pakhonde. M'nyumba zambiri simufunikanso choko, chifukwa khoma limanena lokha: pamene penti yadetsedwa ndi manja ndi pamene gogo amagwira tsiku lililonse.

Manambala alipo oti muyambirepo. Malamulo a zomangamanga a ku Britain amaika chogwirira chopingasa pa masentimita 68 kuchokera pansi, pambali pa chimbudzi chotalika masentimita 48. Zimbudzi za m'nyumba zathu zambiri n'zazifupi, zimangofika cha m'ma 40, ndiye musatengere 68 uja mwachimbulimbuli. Chofunika ndi kusiyana kwake: chogwirira chikhale masentimita pafupifupi 20 pamwamba pa pokhalira, ndipo chipitirire kutsogolo kwa maondo. Podzuka munthu amayamba waweramira kutsogolo, ndiye chitsulo chikathera pafupi ndi thanki, dzanja limatsalira m'mbuyo ndipo silithandiza kanthu. Ngati amayi amadzikoka m'malo modzikankha, choko chidzaonetsa chizindikiro m'mwamba, kutsogolo pang'ono. Pamenepo ikani choimirira, chotalika masentimita 60. Akakhala ndi dzanja limodzi lamphamvu kuposa linzake, chogwirira chikhale mbali ya lamphamvulo.

Chitsulo chenichenicho sichifunika kukwera basi kuchokera ku Joni. Zogwirira zogula zimakhala zonenepa mamilimita 32 mpaka 35, ndipo paipi ya madzi yosachita dzimbiri, imene mapulambala amati ya inchi imodzi, kunja kwake ndi mamilimita pafupifupi 33. Wowotcherera aliyense wa pamsika angaipinde ndi kuika timbale tachitsulo mbali zonse ziwiri, kambale kalikonse mabowo atatu kapena anayi. Mumuuze asiye mpata wa masentimita 4 kapena 5 pakati pa paipi ndi khoma. Ukachepa zala zotupa sizilowa, ukakula mkono wonse ungaloweremo munthu akaterereka n'kuthyoka. Powotcherera apale pasalale, apake penti yoteteza dzimbiri, kenako penti ya mtundu wosiyana ndi khoma. Chogwirira choyera pa matailosi oyera, maso a ng'ala sachiona usiku.

Tsono nkhani yaikulu ndi khoma. Apa ndi pamene ine ndinapusa nditaikira bambo anga chogwirira. Mmisiri anaboola pang'ono, n'kulowetsa timapulagi tapulasitiki tija timapachikira galasi. Chinkaoneka bwino zedi. Patatha milungu ingapo ndinaona kafumbi kofiira pansi, penti itang'ambika mozungulira kambale. Nditagwedeza, chinatuluka ndi chibenthu cha pulasitala. Masikuluwu ake anali atangopyola pulasitala n'kukhudza dothi la pakati pa njerwa. Mwayi wake chinazukira m'manja mwanga.

Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zowotcha zomangira dothi, simenti ili kunja kokha. Poboola yang'anani fumbi limene likutuluka. Loyamba lotuwa ndi pulasitala. Likatsatira lofiira, dirilo ikulimbana nalo, mwapeza njerwa. Dirilo ikangolowa fwaa ngati mu nsima, mwagwera mu dothi kapena njerwa yosapsa, ndipo bawuti yofutukuka mkati sidzagwira pamenepo. Pa khoma la njerwa zolimba zomangira simenti, mabawuti ofutukuka a mamilimita 8, olowa masentimita 6 kapena 7 mu njerwa yeniyeniyo, amakwana. Pa khoma lokayikitsa, boolani mpaka kuseri, mulowetse bawuti yaitali, ndipo kuseriko muike mbale yachitsulo yotakata musanamange nati. Sizikongola, komabe khoma lonse ndi limene limanyamula. Mabuloko a simenti obowoka mkati amafunanso njira yomweyi. Likakhala la zidina, kapena bafa la panja la udzu kapena malata, khomalo musalidalire: paipi ipindidwe ngati goli la mpira, miyendo yake ikwiriridwe pansi ndi konkire, masentimita 40 kapena kuposa.

Ku America muyezo wake ndi woti chogwirira chipirire makilogalamu pafupifupi 113. Kwathu kuno muyezo ndi mwamuna wonenepa wa pabanjapo. Achikoke ndi mphamvu zonse, achitsamire, achigwedeze, mmisiri asanalandire ndalama yake. Chikasuntha ngakhale pang'ono, kapena kulira, chibwerezedwe.

Za loko wobulungira sizovuta. Ameneyu amafuna kufinya ndi kupotokola nthawi imodzi, zinthu ziwiri zimene zala za nyamakazi zimakana. Handulo yaitali yotsitsa imatseguka ndi chikhatho, ngakhale chigongono munthu atanyamula beseni. Poyesa m'shopu fumbatani chibakera: mukatsegula nacho osatambasula zala, amayi adzathanso. Sankhani yopindikira kuchitseko kumapeto kwake, chifukwa yowongoka imakola chitenje kapena mkono wa juzi. Loko wobulungira amakhala pa bowo lalikulu lozungulira, ndiye kapena mugule wa handulo wolowa pa bowo lomwelo (mng'ono wanu ajambule ndi kuyeza), kapena kalipentala atseke bowolo n'kusema pa loko wamba wa kiyi. Ndipo aone ngati vuto si chitseko chimene. Nyengo ya mvula matabwa amafufuma, ndipo chitseko chokakamira sichimva handulo ya mtundu uliwonse mpaka chitapalidwa. Mpopi wa pasinki nawo ungasinthidwe, kuika wa kandodo kotsegula ndi kukankha kamodzi.

Chitseko cha kubafa ndi kuchimbudzi chiyang'aneninso. Ngati chimatsegukira mkati, amayi akagwa adzachitchinga ndi thupi lawo, inu muli panja mukukankha. Kalipentala yemweyo atembenuze mahinji chizitsegukira kunja, ndipo kampiringidzo ka mkati kachotsedwe. Amayi akadandaula za ulemu, thaulo lopachika pa handulo kunja limauza aliyense kuti muli munthu.

Ngati miyendo yayamba kufooka mofulumira, kapena anagwapo kale, kaonaneni ndi a mafizo kuchipatala chachikulu cha Zomba musanaboole khoma. Mwina chofunika choyamba n'kukweza pokhalira pa chimbudzipo, ndipo mukakweza, zizindikiro za choko zija muyambirenso kulemba.