Ledi wa m'madzi amchere: onani kaye ngati ndi ledidi

"Akuluakulu a mu labu, ndithandizeni. Ndayeza madzi a mijigo itatu ya kufupi ndi nyanja ya Malombe pa AAS ya lawi, makina oyezera zitsulo pogwiritsa ntchito kuwala. Madziwo ndi amchere ndithu. Pb, ledi, yatuluka 0.08 mg/L pa 217.0 nm, pomwe malire a WHO ndi 0.01. Ndagwiritsa nyali imodzi ija ya zitsulo zingapo. Komanso Ca, kashiyamu, ikutsika poyerekeza ndi taitireshoni ya EDTA. Ndilembe lipoti kuti mijigo itsekedwe?"

Achemwali, lipotilo liyambe ladikira. Ledi angakhalemodi, poti zipangizo zina za mjigo ndi za bulasi ndipo bulasi amatha kukhala ndi ledi. Koma nambala mwapezayo payokha singatsekere anthu mjigo, nawonso nkumakatunga mu Shire momwe muli ng'ona ndi matenda otsekula m'mimba.

Makinawa ledi samuona. Chomwe amaona ndi kuwala kwa nyali kukuchepa podutsa m'lawi, basi. Chilichonse chomwe chatchinga kuwalako amachiwerenga ngati ledi. Tsono pa 217.0 nm, makina ambiri amafuna ledi pafupifupi 0.1 mg/L kuti abuzobansi, muyeso wa kuchepa kwa kuwalako, ifike 0.0044 chabe. Ndiye kuti 0.08 yanuyo yachokera pa abuzobansi ya 0.003 kapena 0.004. Bwererani pa sikirini muone manambala enieniwo, osati omwe makina asandutsa kale kukhala mg/L. Mupeza kuti bulanki yokha imavina pakati pa 0.000 ndi 0.002. Muli pansi penipeni pomwe lawi limayamba kusiya kuona.

Apa mpomwe mchere umalowerera. Mukamwetsa makina madzi a kuno, lawi la mpweya ndi asetilini, lomwe limakhala labuluu, limasanduka lachikasu chifukwa cha sodiyamu. Si mchere wonse umene umaphwanyika kukhala maatomu. Wina umatsala ngati timibulu ting'onoting'ono tomwaza kuwala, wina ngati nthunzi ya NaCl yomwe imameza kuwala chapansi pa 250 nm. Mzere wa 217.0 uli momwemo, komanso pamenepo lawilo palokha limadya kuwala. Yang'ananinso kampata ka banala mukatha masampulo khumi. Mukaona toyera tauma m'mbali mwake ndipo lawi lang'ambika ngati mano a chipeso, dziwani kuti zowerenga zayamba kale kusokonekera. Zimitsani, lizizire, mutsuke.

Mayeso ake ndi otchipa. Yesani kondakitiviti ya madzi a mjigowo, kenako sungunulani NaCl yoyera ya mu labu m'madzi odisitila mpaka kondakitiviti ifanane, muthiremo HNO3 monga munachitira ndi sampulo. Yesani ngati sampulo, pa 217.0, chokonzera bakigiraundi chili chozimitsa. Madzi opanda lediwo akakupatsani 0.05 kapena 0.07, mwamugwira wakubayo. Kenako yatsani chokonzeracho, chomwe ndi nyali ya D2, muyesenso zonse. Nyali imeneyi imatulutsa kuwala kotambalala, kotero imayeza zotchinga za mchere zokha, makina nkuzichotsera. Koma kuwala kwake kuyenera kudutsa njira imodzi ndi kwa nyali ya Pb. Ikani kapepala koyera pamwamba pa banala, lawi lili lozima, muone ngati timadontho tiwiri ta kuwalato tagwera pamodzi.

Pali msampha umodzi womwe ndikufuna muumvetse bwino, chifukwa nanenso unandigwira ndikuyamba ntchito. Munthu amathira sipaiki, mwachitsanzo 0.5 mL ya sitandadi ya 100 mg/L mu botolo la 50 mL nkudzaza ndi sampulo, zomwe zikuwonjezera 1.0 mg/L. Makina awerenga 1.07, munthu nkusangalala kuti sipaiki yabwerera 99 peresenti, ndiye kuti 0.08 ija ndi yoona. Ayi ndithu. Sipaiki ikungokuuzani kuti ledi amene mwathirayo akuoneka bwino. Chotchinga cha mchere chija chili m'mabotolo onse awiri mofanana, ndipo mukachotsera chimabisala. Ngakhale njira yowonjezera masitandadi mu sampulo momwemo singachichotse.

Za nyali tsopano. Nyali ya zitsulo zingapo siyoipa, ndipo ndi mitengo ya masiku ano palibe angakudzudzuleni. Pa Cu, Fe kapena Mn wa m'madzi a mjigo imagwira ntchito. Vuto lake nloti mzere uliwonse umatuluka wofookerapo kusiyana ndi wa nyali ya chitsulo chimodzi, choncho makina amakweza geni ndipo phokoso limakwera nalo. Komanso mizere ya zitsulo zinazo imatha kulowa nawo ngati siliti ndi yotakata. Pa ledi, pomwe mukulimbana ndi 0.003, pezani nyali ya holo kathodi ya Pb yokha, kapena EDL, nyali yowala kwambiri yopanda ma elekitirodi, ngati makina anu amailandira. Ipatseni mphindi 15 mpaka 20 itenthe, magetsi akathima nkuyakanso muyambirenso kuwerenga mphindizo. Musaikankhe karenti mpaka pa malire olembedwa pa nyaliyo: mzere umafutukuka, kevu imapindika msanga, nyali nkufa isanakwane nthawi. Ndipo m'madzi amchere ine ndimasankha 283.3 nm. Imamva ledi mochepera, pafupifupi theka la 217.0, koma ndi yodekha ndipo mchere suivutitsa kwambiri.

Ngakhale mutachita zonsezi, lawi silingakuuzeni ngati madzi ali pansi kapena pamwamba pa 0.01 mg/L. Chomwe mungalembe moona ndi chakuti ledi ali pansi pa malire omwe njira yanu imatha kuona, nkulemba malirewo, omwe nthawi zambiri amakhala cha m'ma 0.05. Yankho lenileni lili pa ng'anjo ya girafaiti kapena ICP-MS. Mu ng'anjo mumalowa 20 µL yokha, ndipo pamadzi amchere pamafunika modifaya monga paladiyamu ndi maginiziyamu naitireti, apo ayi ledi amagwirana ndi kuloraidi nkuthawa ngati nthunzi musanamuyeze. Imbani kaye ku Central Water Laboratory ku Lilongwe kapena ku Malawi Bureau of Standards ku Blantyre, mufunse njira yomwe amayezera Pb ndi malire ake musanatumize.

Ca yanu ndi nkhani ina, ndipo apa khulupirirani EDTA. Pa 422.7 nm vuto si kutchinga kuwala koma kuti fosifeti, salifeti, silika ndi aluminiyamu zimagwira kashiyamu nkupanga zinthu zomwe lawi la asetilini ndi mpweya silitha kuziphwanya bwino. Maatomu amachepa, nambala nkutsika. Mankhwala ake ndi lantanamu kuloraidi, kuti La ikhale 0.1 mpaka 0.5 peresenti mu sampulo, mu masitandadi ndi mu bulanki momwe, osasiyako limodzi. Lantanamu amalanda fosifetiyo, kashiyamu nkumasuka. Musaiwale kusungunula: kevu ya Ca imawongoka mpaka cha m'ma 5 mg/L. Ngati EDTA ikuti 80 mg/L, tengani 2 mL mu botolo la 50 mL, muyembekezere 3.2 pa sikirini, muchulukitse ndi 25. Onetsetsaninso kuti simukuyerekeza Ca ndi kuuma konse kwa madzi kolembedwa ngati CaCO3, poti pamenepo pali kusiyana kwa 2.5 ngakhale musanawerengere maginiziyamu.

Mukabwerera ku Malombe, tengani mabotolo a pulasitiki oviikidwa mu asidi usiku wonse, osati a zakumwa otsukidwa. Pa mjigo uliwonse tungani kawiri: madzi oyamba m'mamawa amayi asanayambe kupopa, ndi ena atapopa kwa mphindi zisanu. Thirani HNO3 mpaka pH itsike pansi pa 2, ndipo botolo limodzi la madzi odisitila liyende nanu ulendo wonse, lithiridwe asidi yemweyo. Ledi akapezeka m'madzi oyamba okha, ndiye kuti akuchokera ku zitsulo za mjigo, ndipo chofunika ndi kusintha zipangizozo. Mutiuze zomwe madzi a NaCl aja awerenga pa 217.0.