Mtengo wa kachewere pa gulu: wokhazikika, wokambirana kapena wopikula?

"Abale, ndimagula mbatata ya kachewere ku Tsangano n'kumagulitsa kuno ku Tete. Ndikaika chithunzi pa gulu ndimangolemba mtengo basi, koma aliyense amayamba ndi 'mutsitsa zingati?' Kodi ndizilemba kuti mtengo ndi wokambirana, kapena ndiziti sutsika? Nanga otenga matumba ambiri ndiziwauza chiyani?"

Achemwali, lembani ndithu, koma musankhe chimodzi. Mawu akuti "wokambirana" ndi akuti "otenga ambiri titsitsa" musawaike pamodzi opanda manambala. Ineyo anandiwotchapo manja.

Chaka china ndinali ndi matumba 30. Thumba limodzi ndinagula 1,100 metikali kumunda, galimoto yobweretsa ku Tete inadya 150, onyamula pokweza ndi potsitsa 30, thumba lenilenilo ndi chingwe 20. Ndiye kuti lisanagulidwe n'komwe linali litandidyera kale 1,300. Ndinalemba kuti "1,600, wokambirana, otenga ambiri titsitsa". Bambo wina wa ku Moatize anayamba kunenerera ngati akufuna thumba limodzi, tinakokanakokana mpaka 1,450. Titagwirizana ndi pamene anati, "Tsono mayi, ine nditenga 20, paja mwalemba kuti otenga ambiri mutsitsa." Ndikanakana bwanji, poti ndinalemba ndekha? Tinafika pa 1,350. M'mawa mwake anabwera ndi kagalimoto kakang'ono, nkhope ili gwa, akuti ndalama zina sizinatuluke, atenga kaye 6. Pa matumba 6 amenewo ndinapindula 300 yokha, pamene pa mtengo wanga ndikanapeza 1,800. Otsala 14 aja sanabwerenso kudzatenga.

Kuyambira pamenepo ndimalemba motere:

"Kachewere wa ku Tsangano, wamkuluwamkulu. Thumba 1 mpaka 9: 1,600 MT lililonse, mtengo sutsika. Kuyambira matumba 10 otengera limodzi tsiku lomwelo: 1,500 MT lililonse. Kotengera ndi ku Tete, thiransipoti ndi yanu. Mtengowu ndi wa sabata ino."

Mawu akuti "otengera limodzi tsiku lomwelo" ndi amene amagwira ntchito yaikulu. Wopikula timamutsitsira chifukwa amatichotsera katundu msanga. Ndi kutentha kwa kuno ku Tete, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, kachewere sachedwa kufota ndi kuwola, ndiye wotenga 10 lero wakupulumutsani ku zotaya za mawa, komanso ndalama yabwerera kuti mukaodenso. Koma woti azitenga awiriawiri sabata iliyonse sanakupulumutseni kalikonse, ameneyo alipire 1,600. Ndipo akati musungireni 10, atumize kaye chikole pa M-Pesa kapena e-Mola, ngakhale cha matumba awiri. Akabwera n'kutenga ochepa, mtengo ukubwerera pa 1,600, ndipo muzimuuziratu zimenezi asanatumize.

Mtengo wopikula muziuwerengera kuchokera pansi, pa zimene mwawononga, osati kungodula pamwamba. Pa 1,500 ndimatsala ndi 200 pa thumba, matumba 10 ndi 2,000. Kutsitsa ndi 100 kumaoneka kochepa, koma pa phindu la 300 ndiye kuti mwapereka gawo limodzi mwa magawo atatu. Ambiri amayang'ana 1,600 ija n'kumaona ngati 200 kapena 250 si kanthu, kuiwala kuti 1,300 si yawo.

"Wokambirana" ali ndi malo ake, sindikumunyoza. Ngati mukugulitsa chinthu chimodzi chimene palibe chinzake, monga firiji yakale, njinga yamoto kapena mbuzi, lembani choncho, chifukwa wogula ayenera kuona kaye ndi maso ake. Ngakhale kachewere wotsalira amene wayamba kumera, lembani kuti wokambirana kuti achoke. Kungoti musanaike chithunzi mukhale mutadziwa kale mumtima pamene muimire, ndipo dziwani kuti mawu amenewa wogula amawamva kuti "mtengo weniweni si uwu". Palibe adzalipire umene mwalembawo. Katundu wofanana amene mumabweretsa sabata ndi sabata ndiye ayi, chifukwa pa gulu anthu amauzana. Mayi mmodzi akagula 1,450, mawa mnzake akubwera ndi uthenga womwewo pa foni kuti "nanga uyu bwanji?"

Ofunsa kuti "mutsitsa zingati" sadzatha, ndi mmene tinakulira pamsika. Muzingoyankha mwaulemu kuti, "Pepani mayi, pa limodzi ndi momwemo, koma mukapeza anzanu n'kukwana 10 mutenga pa 1,500." Amayi okazinga tchipisi ena amasonkhanadi atatu kapena anayi n'kubwera ndi galimoto imodzi.

China, poti pa magulu athuwa pali abale a ku Dedza ndi ku Mwanza amene amalowera pa Kalomwe ndi pa Zobwe, musamaiwale MT pambuyo pa nambala. Wina anandiimbirapo usiku ali wosangalala, akuyesa 1,600 ija ndi makwacha.