Ndalama za m'kabokosi zaperewera ndi K4,500: kodi ndiyambire pati?

"Ndili pa maphunziro a ntchito mu ofesi yowerengera ndalama. Abwana andiuza kuti ndiunike peti keshi, ndalama za m'kabokosi zogulira tinthu ting'onoting'ono, ndi kuyanjanitsa keshibuku ndi sitetimenti ya ku banki. M'kabokosi mumayenera kukhala K150,000. Ndapezamo K38,500, mavocha olembapo ndalama zotuluka akukwana K107,000, ndiye kuti K4,500 palibe. Keshibuku nayonso sikugwirizana ndi banki. Ndikuopa kuti anena kuti ndaba. Ndingoikamo yanga?"

Achimwene, musaikemo ngakhale tambala. Mukatero mukwirira cholakwa chomwe anakutumani kuti mukachipeze, ndipo chikadzaululika mawa, ndalama ya m'kabokosi idzaoneka yopitirira popanda woifotokoza. Ngati munawerenga muli nokha, itanani wosunga kabokosiko mubwereze pamodzi. Lembani kuti ma K5,000 alipo angati, ma K2,000 angati, mpaka zasiliva, kenaka musayine nonse awiri ndi kulemba tsiku. Pepala limenelo ndiye mboni yanu.

Tsopano yang'anani K4,500 yanuyo. Igaweni ndi 9, mupeza 500 ndendende popanda chotsala. Kusiyana kukamagawika chonchi, kawirikawiri wina anasinthanitsa manambala awiri oyandikana polemba, ndipo 500 ameneyo akukulozerani kokafufuza: manambala osiyana ndi 5, lina pa malo a masauzande, lina pa malo a mahandiredi. Tiyerekeze kuti lisiti la mapepala ndi inki likuti K16,100, koma wolemba vocha, dzanja litathamanga, analemba K11,600. Kusiyana kwake ndi K4,500 yomweyo. Zikakhala choncho mavocha anu akwana K111,500, ndipo mukaphatikiza ndi K38,500 ya m'kabokosi mufika pa K150,000. Izitu sizitsimikiza kuti palibe amene watenga ndalama, zimangokuuzani poyambira. Choncho musakhulupirire nambala ya pa vocha. Iikeni pambali pa lisiti lake, muwerenge nambala imodziimodzi chala chili pomwepo.

Mukakhala kuti cholakwacho simunachipeze, funsani za chenji. Wina amatumidwa ndi K10,000, nagula za K5,500, lisiti nabweretsa, koma chenji chikadali m'thumba mwake. Mu ofesi yomwe ndinayambira ntchito ndinavutika masana onse ndi ndalama yoperewera, mpaka ndinatukula kathireyi ka m'kabokosi n'kupeza kapepala kong'ambidwa m'kope, kolembedwa ndi pensulo kuti "ndabwereka, ndibweza pa malipiro". Kapepala kotero si vocha ndipo si ndalama. Kalembeni pakokha pa lipoti lanu, abwana akaone.

Ngakhale masamu atakwana, vocha iliyonse muiunikebe. Manambala a mavocha azitsatana osadumpha, tsiku la pa lisiti ligwirizane ndi la pa vocha, ndipo wolandira ndalama asakhale yemweyo wovomereza. Ulendo wa pa minibasi kapena kabaza sukhala ndi lisiti, n'chifukwa chake vocha yake izinena kochokera, kopita ndi chomwe anakachita. Mukapeza cholakwa musachifute ndi utoto woyera uja wofutira zolembedwa. Wolembayo adule ndi mzere umodzi, alembe nambala yoona pamwamba, asayine pambali. Ndipo cheke yobwezeretsa ndalama m'kabokosi isalembedwe izi zisanathe, poti ikalembedwa ya K107,000 cholakwacho chilowa m'mwezi wamawa.

Za ku banki zisakuopseni, chifukwa keshibuku ndi sitetimenti kawirikawiri sizigwirizana pakutha pa mwezi. Yambani ndi pepala loyanjanitsa la mwezi watha, muone ngati macheke omwe anatsala nthawi ija atuluka tsopano. Kenaka chongani mzere uliwonse wopezeka m'mabuku onse awiri. Zosachongedwa zili mitundu iwiri, ndipo apa ndi pomwe ophunzira ambiri amasokonezeka. Zomwe banki ikuzidziwa koma inu simunalembe, monga ndalama zomwe yadula kapena zomwe kasitomala waika mwachindunji, muzilowetse m'keshibuku. Zomwe inu munalemba koma banki sinazione, monga cheke yomwe mwiniwake sanakaipereke, musazikhudze m'keshibuku. Zimangolembedwa pa pepala loyanjanitsa.

Tinene kuti keshibuku ikuti K2,340,000 pomwe banki ikuti K2,581,500. Pa sitetimenti mwapeza K8,500 yomwe banki yadula. Mukailowetsa, keshibuku itsika kufika pa K2,331,500. Mwapezanso cheke ya lendi ya K250,000 yolembedwa pa 29 yomwe sinatuluke. Ichotseni pa K2,581,500 ya banki, mutsala ndi K2,331,500, ndipo mbali ziwirizo zakumana. Lembani nambala ya chekeyo, tsiku lake ndi dzina la woilandira, ndipo sitetimenti ya mwezi wamawa ikafika muyambe mwaiyang'ana imeneyo ngati yatuluka.